Zilembo 42 ndi ulemu wa ku Tehran

Munthu akakamba mu filimu kwa masekondi awiri, iye amene alemba mawu a Chizungu oonekera pansi pa chithunzi ali ndi malo a zilembo 40 chabe. Zilembo, osati mawu. Mpata wa pakati pa mawu awiri nawonso ndi chilembo, koma ndi chilembo, chizindikiro cha funso ndi chilembo. Masamu ake ndi osavuta: malamulo amene Netflix inaika pa masabutaito a Chizungu akuti munthu wamkulu asapatsidwe zilembo zopitirira 20 pa sekondi imodzi, mwana 17, mzere umodzi usapitirire zilembo 42, ndipo mizere ikhale iwiri basi. Makampani ena ali ndi manambala awo, koma onse ali pafupi ndi pamenepo. Ndiye nyumba yonse imene womasulira akhalamo, kachipinda kamodzi monga tomwe tichita lendi kuno ku Chipulukusu, ndipo katundu yense wa chilankhulo afunika kulowamo.

Ine ntchito iyi ndiisebenza pa kalaputopu kakale, malaiti akakhalapo. Ndinayambira pa mavidiyo a Chinyanja ndi Chibemba, ndipo pambuyo pake ndinayamba kugwirizana ndi mnzanga amene anabadwira m'banja lokamba Chiperisiya, chilankhulo cha ku Iran chimene eni ake achitcha Farsi. Iye amandilembera chimene munthu wakamba, liwu ndi liwu, ndi kundiuza mtima umene uli kumbuyo kwake. Ine ndimayeza nthawi ndi kudula Chizungu kuti chikwane. Pa zilankhulo zonse zimene ndazigwirapo, Chiperisiya cha m'misewu ya Tehran ndicho chimalimbana kwambiri ndi zilembo 42 zija, ndipo chifukwa chake ife a Chinyanja tingachimve msanga kupambana Mzungu wa ku London. Ndi chilankhulo chimene chimawononga mawu ambiri pa ulemu, monga chathu, ndipo Chizungu chilibe malo oikapo ulemu umenewo.

Choyamba mudziwe kuti Chiperisiya cha m'mabuku ndi cha pakamwa ndi zinthu ziwiri, monga Chinyanja cha pa nyuzi za pa wailesi ndi cha mu minibasi. M'buku alemba nan, buledi, koma munthu akamba nun. M'buku khane, nyumba, pakamwa khune. "Ndifuna" m'buku ndi mikhaham, pakamwa ndi mikham. Chonde musaone ngati ndi nkhani ya katchulidwe chabe. Kufupikitsa kumeneku kumadya nthawi. Munthu wa ku Tehran atha kukamba chiganizo chathunthu, chokhala ndi wochita, chochitidwa ndi ulemu wake, mu sekondi imodzi ndi theka, pakuti zonse zamatiridwa ku liwu limodzi, monga ife tikati "sindinakuoneni". Liwu limodzi kwa ife, koma Chizungu chifuna mawu anayi ndi mipata itatu. Wokamba watsiriza kale, kamera yapita kwa wina, iwe ukali ndi Chizungu m'manja.

Tiyeni titenge kachigawo kamodzi ka kafilimu kakafupi kamene tinasebenzapo, mizere isanu chabe. Mayi wachikulire atsika mu takisi, woyendetsa ndi mnyamata.

Mayi ayamba: Agha, khaste nabashid. Cheghadr mishe? Zitenga masekondi awiri. Agha ndi "bambo" kapena "abwana". Khaste nabashid tanthauzo lake lenileni ndi "musatope", ndipo amauza munthu aliyense amene wamupeza pa ntchito kapena amene watsiriza kukusebenzera. Tonse okhala kuno ku Kopabeluti tikudziwa chinthu ichi, ndi mwabombeni wa Chibemba ndithu. Palibe amene amva mwabombeni n'kuyamba kuganiza za ntchito imene wagwira, ndi moni chabe, ndipo ukapanda kuupereka ndiye kuti sunaleledwe bwino. Chizungu chilibe moni wotere. Tikamasulira liwu ndi liwu, mzere ukhala Sir, may you not be tired. How much does it come to? Werengani, ndi zilembo 52. Gawani ndi masekondi awiri, mupeza 26 pa sekondi. Pulogalamu imene ndisebenzetsa, Subtitle Edit, imakuwerengera nambala imeneyi payokha ndi kukuchenjeza ukapitirira malire amene waika. Koma olo ikanakwana, mzerewu ndi woipa pa chifukwa china. Woonera adzaima pa "musatope" uja, adzadzifunsa ngati mnyamatayu akudwala kapena wayendetsa usiku wonse. Chimene kwa eni ake ndi mpweya chabe, kwa iye chasanduka nkhani. Tinalemba Thank you, sir. How much is it? Zilembo 31, kutanthauza 15.5 pa sekondi.

Onani kuti sir tinamusunga. Iye ndi koma wake ndi mpata adya zilembo 5, ndipo ambiri ndiye amayamba kumudula, poti sawonjezera kanthu pa nkhani ya mtengo. Mukumbukireni, tidzamufuna kutsogolo.

Mnyamata ayankha: Ghabel nadare. Mehmun-e ma bashid. Sekondi 1.8, ndiye malire ndi zilembo 36. Mawu akuti: ichi n'chosayenera ulemu wanu, khalani mlendo wathu. Apa ndipo pali chimene Aperisiya achitcha taarof, mwambo wokana ndi kukakamizana mwaulemu. Wogulitsa akana ndalama, wogula aumirira, wogulitsa pamenepo ndiye atchula mtengo. Onse awiri akudziwa kuti ndalama ilipiridwa. Ife tili nacho chathu: ukapeza anthu pa nsima akuti "tiyeni tidye", iwe uyankha "zikomo, ndadya kale", njala ili pamimba, ndipo onse adziwa kuti afunika kukuitananso kachiwiri. Amene avomera pa kuitana koyamba n'kusamba m'manja, amukamba akachoka. Kusiyana n'kwakuti ku Iran mwambowu wafika mpaka pa takisi ndi pa shopu. Yesani kuganiza kondakita wa basi ya ku tauni akukuuzani kuti musalipire, ndinu mlendo wake.

Mzere wosavuta pano ndi It's nothing. Be my guest. Zilembo 26, ukwana bwino, ndipo uli pafupi ndi mawu a mnyamatayo. Vuto lake n'lakuti Mzungu akati be my guest amatanthauzadi zimenezo. Woonera akhulupirira kuti ulendo ndi waulere, ndipo pakapita masekondi atatu mnyamata akatchula mtengo, amuona ngati kawalala kapena wosokonezeka mutu. Filimu sinakambe zimenezo, wakamba ndi womasulira. Tinafuna Chizungu chimene nachonso ndi bodza la ulemu, chimene Azungu amakamba akudziwa kuti winayo aumirira, ndipo tinapeza I couldn't possibly charge you. Zilembo 31, 17.2 pa sekondi. Liwu limene lanyamula ntchito yonse ndi possibly. Lichotseni, mnyamata wakana ndalama zoona. Lisiyeni, ndipo akumveka ngati munthu amene akuvina gule wodziwika. "Mlendo wathu" uja wafa, pamodzi ndi kudzichepetsa kodzitcha "ife" m'malo mwa "ine". Ndimamva chisoni pa zimenezo, koma sekondi 1.8 siimva chisoni.

Mu faelo ya .srt mizere iwiriyi ioneka motere:

```
12
00:03:14,000 --> 00:03:16,000
Thank you, sir. How much is it?

13
00:03:16,083 --> 00:03:17,883
I couldn't possibly charge you.
```

Ka 83 ako ndi kampata ka mafulemu awiri pa filimu ya mafulemu 24 pa sekondi. Popanda iko diso silizindikira kuti mawu asintha, limaona ngati ndi mzere womwe uja.

Wachitatu sutivuta. Mayi akuti Khahesh mikonam, befarmaid, ndikupemphani, kambani chabe. Please, I insist. Zilembo 17 mu sekondi 1.4.

Wachinayi ndi mawu awiri okha, koma ndi msampha: Panjah toman. Panjah ndi 50. Ndalama ya boma ku Iran ndi riyali, koma anthu amawerenga mu toman, ndipo toman imodzi ndi mariyali 10. Pamwamba pa izo, pokamba amameza "sauzande". Mnyamatayu akati 50 akutanthauza matoman 50,000, amene ndi mariyali 500,000. Amene munali ndi nzeru kale mu 2013, pamene kwacha yathu inachotsedwa maziro atatu, mudziwa mutu umene umabwera ndi zinthu zotere. Mpaka lero pali anthu amene akati "fifite pini" akamba K50, ndipo mlendo sangadziwe. Tikalemba 50 tomans, tamasulira mawu molondola koma tanama pa mtengo, ndipo mkwiyo wa mayi umene ukubwera sudzamveka. Tikafuna kufotokoza zonse, malo kulibe, pakuti ndi sekondi imodzi. Tinalemba Fifty thousand. Zilembo 15, dzina la ndalama talisiya. Woonera sasowa kudziwa kuti ndi ndalama yanji, asowa kumva kuti ndi yambiri.

Manje mayi apsa mtima: Dastet dard nakone! Khejalat nemikeshi? Masekondi 2.4, malo a zilembo 48. Gawo loyamba ndi zikomo wa tsiku ndi tsiku, mawu ake akuti "dzanja lako lisawawe", koma pano wakambidwa monyoza, monga ife tikati "wachita bwino" kwa mwana amene waphwanya kapu. Gawo lachiwiri ndi "sukuchita manyazi?". Chachikulu pa mzerewu sichili m'mawu amenewa ayi. Chili m'tizilembo ta kumapeto. Chiperisiya chili ndi to, amene ndi iwe, ndi shoma, amene ndi imwe, ndipo mneni amasintha mchira wake kutsatira amene wasankha. Poyamba mayi anati nabashid, mchira wa imwe. Manje akuti nemikeshi, mchira wa iwe, ndipo dzanja lija ndi dastet, "lako", osati dastetun, "lanu". Wamutsitsa mnyamata uja kuchoka pa abwana kufika pa kamwana ka pa nyumba. Munthu wa ku Tehran mu holo amva kugwa kumeneku m'mimba. Imwenso mukudziwa mmene zimamvekera munthu amene wakhala akukuti imwe tsiku lonse akatembenuka n'kuti "iwe". Ndeu zambiri za mu komboni zimayambira pomwepo.

Chizungu chili ndi you mmodzi, wa mfumu ndi wa galu yemwe. Thanks a lot! Aren't you ashamed? ndi kumasulira kolondola, koma kugwa kuja mulibe. Njira yokha ndi kuchotsa ulemu mu mneni n'kuuika mu dzina loitanira. Tinalemba Thanks a lot! Have you no shame, boy? Zilembo 37, mzere umodzi, 15.4 pa sekondi. Mayi sanakambe liwu lakuti mnyamata, ndavomera, taliwonjezera ndife. Koma boy ameneyu akugwira ntchito chifukwa cha sir uja wa pa mzere woyamba. Woonera waona sir masekondi ochepa apitawo, manje aona boy, ndipo mtunda wa pakati pa awiriwa ndiwo mtunda wa shoma ndi to. Tikanadula sir kuti tisunge zilembo 5, apa tikanalibe pogwera.

Ndi chifukwa chake sindikhulupirira munthu amene amayamba kumasulira filimu asanaionere yonse mpaka kumapeto. Funso la tsiku lililonse pa ntchito iyi ndi lakuti ndidule chiyani, ndipo yankho silili mu mzere umene uli pamaso pako. Lili kutsogolo.

Chitsanzo chimene ndimapatsa anthu ndi filimu ya Asghar Farhadi ya mu 2011, imene inapata mphoto yaikulu ku Berlin chaka chomwecho ndi Oscar mu 2012. Dzina lake lenileni ndi Jodaeiye Nader az Simin, kulekana kwa Nader ndi Simin, koma pa Chizungu inatsala A Separation. Kudula kunayambira pa dzina. Amene simunaione ndikuonongerani pang'ono, mundikhululukire. Nader alemba ntchito mayi wosauka ndi wopemphera kwambiri, Razieh, kuti asamalire atate ake odwala matenda oiwala. Pabuka mkangano, Nader amukankhira kunja kwa chitseko, Razieh apita padera, ndipo nkhani ifika kwa woweruza.

Aperisiya amalumbira kwambiri pokamba. Be khoda, "pali Mulungu", limatuluka monga mmene "zoona" kapena "Mulungu aona" amatulukira kwa ife, kangapo pa miniti imodzi. Mu mafilimu ambiri womasulira amataya malumbiro otere osaganiza kawiri, ndipo achita bwino, pakuti ndi zodzazira chabe. Koma mu filimu iyi lumbiro ndiye msana wa nkhani. Razieh ndi munthu amene amaimba foni kufunsa a chipembedzo ngati ndi tchimo kusambitsa nkhalamba yaimuna imene yadziipitsira. Kumapeto, Nader avomera kulipira ndalama, koma apempha kuti Razieh alumbire pa Korani kuti iye ndiye anachititsa kupita padera kuja. Razieh akana, chifukwa mumtima ali ndi chikaiko ndipo aopa kuti tchimo lingagwere mwana wake wamkazi. Womasulira amene wakhala akusesa mawu onse a Mulungu ndi a tchimo kuyambira pachiyambi, poona ngati ndi zinyalala zodya malo, afika pamenepa ndi woonera amene sanakonzekere. Lamulo lomwelo limene ndi labwino pa filimu ya nthabwala, pano lipha filimu.

Filimu yomweyi ionetsa malire ena amene palibe nzeru ingawadumphe. Mu ofesi ya woweruza anthu anayi amakamba nthawi imodzi, kudulana mawu, wina akuchonderera, wina akutukwana. Sabutaito imodzi inyamula anthu awiri okha, aliyense mzere wake, ndi kamzere patsogolo kosonyeza kuti wokamba wasintha. Wachitatu ndi wachinayi amakhala chete pa Chizungu, olo pakamwa pawo pakuyenda. Womasulira ndiye asankha amene amveke, ndipo mu filimu imene inapangidwa dala kuti usadziwe wolakwa, kusankha kumeneku ndi kuweruza. Ukapatsa Nader mizere yonse yomveka bwino, n'kusiyira Hodjat, mwamuna wa Razieh, matukwano okha poti ndi afupi ndipo akwana msanga, waika chala pa sikelo. Ine pa zigawo zotere ndimawerenga kuti munthu aliyense ndamupatsa mizere ingati, monga mayi ogawa nyama pa ana.

Palinso kanthu kena kamene ife tingaseke nako Chizungu. Chiperisiya chilibe he ndi she. Chili ndi u mmodzi, monga iye wathu, ndipo nthawi zambiri samutchula n'komwe. Raft ndi "anapita", mwamuna kaya mkazi. Wolemba filimu atha kubisa dala amene akukambidwa, mwamuna wansanje n'kumva "anaimba foni" osadziwa kuti ndani. Chizungu chimakukakamiza kuulula pa liwu loyamba lenileni. Pothawira ndi pochepa: someone called, kapena kutembenuza chiganizo kuti wochita asaoneke, there was a call. Zonse ziwiri ndi zazitali kupambana he called, ndipo tabwereranso ku masamu athu.

Anzanga amene anakulira pa mafilimu a kung'fu omasuliridwa ndi munthu wokamba pamwamba, a Chinyanja ndi a Chibemba amene tinali kuonera m'tumavidiyo ta mu komboni, amandifunsa chifukwa chake ndivutika chonchi. Wokamba pamwamba uja ndi mfumu. Atha kutsitsa mawu a filimu, kufotokoza mwambo wonse, kuwonjezera nthabwala yake, kupatsa wosewera dzina la kwathu. Khutu limamva pamene diso likuona. Sabutaito ilibe ufulu umenewo, chifukwa imabwereka diso lomwelo limene lifunika kuona nkhope. Sekondi iliyonse imene woonera ali pansi pa sikirini, sali pa maso a wosewera, ndipo mafilimu a ku Iran ambiri nkhani yake ili pa nkhope. Mu Where Is the Friend's House? ya Abbas Kiarostami ya mu 1987, kamnyamata kamabwereza pempho limodzimodzi kwa akuluakulu amene sakumvetsera. Pamenepo womasulira wanzeru amafupikitsa mzere ukabwera kachitatu ndi kachinayi, pakuti woonera waudziwa kale, ndipo chimene afunika kuona ndi nkhope ya mwanayo.

Nambala ya 20 ija nayonso ndiikayikira, makamaka kwa ife. Inaikidwa poganizira anthu amene Chizungu ndi chilankhulo cha pa bere, oonera pa sikirini yaikulu. Kuno filimu tiionera pa foni yong'ambika galasi, anthu atatu mitu pamodzi, Chizungu chili chilankhulo chachitatu pambuyo pa Chibemba ndi Chinyanja. Ntchito ikakhala yanga ndekha, malire ndimaika pa 15. Pa masekondi awiri ndiye kuti zilembo 30 m'malo mwa 40, ndipo mzere woyamba wa mayi uja, wa zilembo 31, wapitirira kale ndi chimodzi. Pamenepo ndimayang'ana ngati pali mpata wosiya mawu pa sikirini theka la sekondi wokamba atatsiriza. Ngati wina ayamba kukamba pomwepo, kapena kamera yadumphira pa chithunzi china, mpata kulibe, chifukwa sabutaito ikawoloka pamene chithunzi chasinthira diso limabwerera kukaiwerenganso kuyambira pachiyambi. Zikatero How much is it? amasanduka How much? ndipo sir amatsala.

Kuyesa kwanga komaliza sikuli mu pulogalamu. Ndimaitana mng'ono wanga wa giredi 9, ndimupatsa foni, ndipo ine ndiyang'ana chala chake, osati sikirini. Chala chikapita kukabweza filimu kumbuyo, mzerewo ndi wautali olo nambala ikhale yabwino. Akafunsa "atanthauza chiyani?", ndiye kuti mwatsala Chiperisiya chovala malaya a Chizungu. Pa kachigawo ka takisi sanabweze ngakhale kamodzi. Anangoseka pamene mnyamata anatchula mtengo, ndipo mayi atapsa mtima anati, "Ah, amuchita iwe manje."